Musakhuthule zonse usiku umodzi

Pali funso limene limasowetsa anthu mtendere pachibwenzi chongoyamba kumene. Limabwera pa WhatsApp, kawirikawiri usiku anthu onse m'nyumba atagona: "Tandiuza za iwe. Munasiyana bwanji ndi wakale uja?" Pamenepo mtima umagawikana. Mbali ina imati munthuyu akuoneka wabwino, ndingomuuza zonse adziwiretu amene akucheza naye. Mbali ina imati nanga akandithawa, kapena mawa nkhani yangayi n'kukaipeza pagulupu?

Ambiri amatenga imodzi mwa njira ziwiri. Ena amakhuthula zonse nthawi yomweyo, voisi noti ya mphindi 14, kuyambira tsiku limene bambo awo anachoka pakhomo mpaka tsiku limene wokondedwa wawo anawasiya. Ena amatseka pakamwa kuti ndii, mpaka chinkhoswe kuchitika mnzawoyo asakudziwa kanthu, kenako n'kudzamva kwa azilamu. Njira zonse ziwirizi zimapweteka.

Ine ndikuona kuti nkhani yowawa imafunika kuperekedwa m'magawo, ndipo chimene chiyenera kukuuzani kuti mupite pagawo lotsatira ndi mmene mnzanuyo wasamalira gawo limene mwamupatsa kale. Masiku amene mwakhala mukucheza paokha sakuuzani zambiri. Kutentha kwa chikondi nakonso sikukuuzani kanthu. Chimene chimakuuzani ndi khalidwe lake atamva kanthu kakang'ono.

Anyezi sasendedwa kamodzi

Mu 1973 akatswiri awiri a ku America oona za kaganizidwe ndi kakhalidwe ka anthu, Irwin Altman ndi Dalmas Taylor, anatulutsa buku lofotokoza mmene anthu awiri amayandikirana. Maganizo awo amafotokozedwa ndi fanizo la anyezi. Kunja kuli khungu limene aliyense amaliona: dzina, kwanu, ntchito, timu imene mumasapota, kaya ndi Bullets kaya Wanderers. Mkati pang'ono muli maganizo anu pa zinthu, monga zimene mumakhulupirira, zimene mumafuna pamoyo ndi zimene zimakukwiyitsani. Pakatikati penipeni pali mantha, manyazi ndi mabala.

Iwo anati kudziwana kumakula mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kuchuluka kwa nkhani zimene mumakambirana, yachiwiri ndi kuzama kwa nkhani iliyonse. Ubwenzi umene ukuyenda bwino umayamba ndi nkhani zambiri zosazama, kenako n'kumalowa pansi pang'onopang'ono. Apa ndi pamene kukhuthula msanga kumalakwika. Munthu sakudziwa kuti mumaseka ndi chiyani, sakudziwa dzina la mchemwali wanu, sanakuoneni mutakwiya kapena mutatopa, koma akudziwa kale chinthu chopweteka kwambiri pamoyo wanu. Alibe zina zoti aike pambali pa nkhaniyo. Ndiye m'maso mwake inuyo mumasanduka "uja anachitidwa zakutizakuti uja", osati munthu wathunthu amene zakutizo zinangomuchitikira.

Palinso vuto lina. Munthu akakuuza za kumtima, umamva ngati uli ndi ngongole yoti nawe unene zako zolemera chimodzimodzi. Ngati sunakonzeke, umangoti "pepa kwambiri", kenako umayamba kuchedwa kuyankha mameseji. Wokhuthula uja amaganiza kuti wakanidwa chifukwa cha zimene zinamuchitikira. Nthawi zambiri sikuti winayo wanyansidwa ayi. Wangosenzetsedwa thumba la chimanga pamene amayembekeza kulandira kapu yamadzi.

Zimene mafunso 36 anaonetsa

Mwina munaonapo pa TikTok kapena pa Facebook mafunso 36 amene amati amachititsa anthu kugwa m'chikondi. Mafunsowa anachokera mu kafukufuku amene Arthur Aron ndi anzake anasindikiza mu 1997, ndipo anatchuka kwambiri mu 2015 mayi wina wolemba nkhani, Mandy Len Catron, atalemba za iwo mu nyuzipepala ya New York Times.

Pakafukufukuyo, ophunzira a payunivesite osadziwana ankawakhazika awiriawiri kwa mphindi 45. Ena anapatsidwa mafunso a macheza wamba. Ena anapatsidwa mafunso 36 aja, amene anagawidwa m'magulu atatu a mafunso 12, ndipo gulu lililonse linali lozama kuposa linzake. Funso loyambirira ndi lopepuka, longofunsa munthu amene ungakonde kudya naye chakudya utapatsidwa mwayi wosankha aliyense padziko. Chapakati umafunsidwa za chinthu choopsa kwambiri chimene umakumbukira, komanso za ubale wako ndi mayi ako. Chakumapeto ndi kumene kuli mafunso monga loti unalira liti komaliza pamaso pa munthu wina. Pomaliza, amene anayankha mafunso 36 aja ankadzimva kuti ayandikirana kwambiri kuposa amene anangocheza nkhani wamba.

Anthu amakonda kugwira mfundo yoti kuulula za kumtima kumabweretsa chikondi, n'kusiya zinthu ziwiri zimene zinali m'kati mwa kafukufukuyo. Choyamba, mafunsowo ankakwera ngati masitepe, sanayambire pa misozi. Chachiwiri, funso lililonse ankayankha onse awiri. Panalibe woti azingolankhula wina n'kumangomvetsera. Mfundo yachiwiriyi anadzaiyesanso payokha Susan Sprecher ndi anzake mu 2013. Anapeza kuti anthu osadziwana amene ankasinthana, uyu anene uyu anene, ankakondana komanso kudzimva oyandikirana kuposa amene mmodzi ankalankhula nthawi yaitali yekha kenako n'kupatsa mpata mnzake.

Komanso Aron ndi anzakewo ananeneratu kuti chimene anayeza ndi kumva kuti mwayandikirana panthawi imeneyo. Sanayeze kukhulupirika, kapena ngati munthuyo angasunge chinsinsi chaka chamawa. Izi n'zofunika kuzigwira. N'zotheka kumva kuti munthu ndi wako weniweni pakangotha mphindi 45, koma kudziwa ngati ali wosunga pakamwa kumafuna miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Foni imatifulumizitsa

Makolo athu akamafunsirana ankakumana mwa apo ndi apo, nthawi zambiri pali anthu pafupi, ndipo nkhani zolemera zinkadzera kwa ankhoswe. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino, koma mtunda ndi manyazi zinkachedwetsa pakamwa. Lero bandulo ya usiku umodzi ikukwana kunena mbiri ya moyo wonse.

Katswiri wina, John Suler, analemba mu 2004 za chifukwa chimene anthu amamasukira mopitirira pa intaneti. Mwa zifukwa zimene anatchula, ziwiri zimagwira kwambiri nkhani yathuyi. China n'choti simuonana nkhope. Mukanakhala pamodzi mukanaona kuti mnzanuyo wayamba kuyang'ana kumbali, kapena wasowa chonena, ndipo mukanaima. Pafoni mumangoona timizere tiwiri tabuluu basi, n'kupitiriza kulemba. China n'choti sayankha nthawi yomweyo, ndiye mumaponya nkhaniyo n'kuthawa, osaona mmene yamugwera.

Onjezerani apo kuti zolembedwa sizifufutika. Mawu amene mwanena pansi pa mtengo amatsala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo akafuna kukawanena kwina amakhala mawu ake okha. Meseji imajambulidwa sikirinishoti, voisi noti imatumizidwa kwa anthu 50 ndi chala chimodzi, ndi mawu anu enieni, kulira kwanu komwe. Batani la "Delete for everyone" silichotsa zimene munthu wawerenga kapena kujambula kale. "View once" imaletsa sikirinishoti, koma siiletsa munthu kutenga foni yachiwiri n'kujambula. Zoonadi, kuno ku Malawi tili ndi lamulo la 2016 loona za intaneti limene limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina amenewa, ndipo mukhoza kukadandaula kupolisi. Koma mlandu ukamadzafika kukhoti, anthu a kutchalitchi kwanu ndi a kuntchito amakhala atamva kalekale. N'chifukwa chake ine ndimati nkhani zopepuka zipite pafoni, koma zolemera zidikire maso ndi maso.

Mmene msuweni wanga anachitira

Ndili ndi msuweni amene amagulitsa zovala za kaunjika ku Lilongwe, ndipo wandilola kufotokoza nkhani yake popanda dzina. Anali pachibwenzi zaka zitatu ndi mnyamata wina. Mnyamatayo anamupempha kuti amutengere ngongole ya K300,000 ku banki m'khonde, akuti akufuna kuyamba geni. Patapita miyezi ingapo msuweni wanga anaona zithunzi za chinkhoswe cha mnyamatayo ndi mkazi wina pa Facebook. Panthawiyo anali ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo patangopita masabata ochepa anapita padera. Ngongole ija anabweza yekha, chaka chathunthu.

Mukaiona bwino, nkhaniyi ili ndi magawo anayi, ndipo kulemera kwake n'kosiyana. Pali zoti chibwenzi chinatha moipa. Pali zoti anapusitsidwa pa ndalama. Pali mmene zimenezi zinasinthira khalidwe lake lero. Ndiye pali mimba ija. Patatha zaka ziwiri atakumana ndi mnyamata wina, sanapereke zonsezi ngati mtolo umodzi.

Sabata yachiwiri akucheza, funso lija linabwera pafoni. Iye anayankha kuti: "Tinakhala zaka zitatu, zinatha moipa, anakwatira wina. Ndi nkhani yaitali, ndidzakuuza tikadzazolowerana. Nanga iwe?" Taonani zimene anachita apa. Sananame. Sananene kuti palibe nkhani. Anapereka mutu wa nkhani, ananeneratu kuti pali zina, kenako anabweza funso. Mnyamatayo anati chabwino, n'kufotokoza zake mwachidule chimodzimodzi. Sanakakamize. Chimenecho chinali chizindikiro choyamba.

Patatha mwezi ndi theka, mnyamata uja anamupempha K5,000 ya thiransipoti, akuti abweza Lachisanu. Msuweni wanga anauma thupi, anakana mwaukali kuposa mmene K5,000 imafunira, ndipo tsikulo anasiyana mosasangalala. Mawa lake anakumana, ndipo anamuuza gawo lachiwiri ndi lachitatu pamodzi. Anati: "Dzulo ndinakuyankha moipa. Wakale uja anandisiyira ngongole yaikulu, ndinabweza ndekha chaka chonse. Ndiye mwamuna akangotchula zobwereka, mtima wanga umathamanga. Si iwe ayi, koma ndimafuna udziwe." Apa nthawi inali yoyenera chifukwa bala lakale linali litayamba kukhudza munthu watsopanoyu. Akanapanda kumuuza, mnyamatayo akanaganiza kuti ali ndi mkazi woumira kapena womuyesa wakuba.

Mnyamatayo anangofunsa funso limodzi, ngati ngongoleyo inatha. Atamva kuti inatha, anati wamva, ndipo sanadzapemphenso ndalama. Koma chimene msuweni wanga ankayang'ana kwenikweni chinabwera patsogolo. Mwezi wachitatu anakangana kwambiri pa nkhani ina, yoti mnyamatayo sanabwere pa tsiku limene anagwirizana. Anakalipirana ndithu. Pamkangano wonsewo mnyamatayo sanatchule wakale uja, sananene kuti "n'chifukwa chake anakusiya". Ndiponso anzake a mnyamatayo atakumana naye, panalibe amene anaonetsa kuti akudziwa za ngongole ija.

Za mimba anadzanena mwezi wachisanu, atayamba kukambirana zokaonekera kwa makolo. Anasankha masana, kunyumba kwa mchemwali wake, mafoni ali pambali. Anayamba ndi kupempha: "Pali nkhani ina yolemera imene sindinakuuze. Uli ndi mpata woimva lero, kapena tidikire?" Atavomera, anamuuza m'mawu ochepa, n'kuwonjezera kuti: "Akudziwa ndi amayi ndi achemwali basi. Ndikufuna ikhale choncho. Sindikufuna uchitepo kanthu, ndimangofuna usadzamve kwa wina."

Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye unadutsa zonsezi wekha?" Masiku awiri otsatira anali wofatsa kuposa kale, ndipo msuweni wanga anachita mantha kuti basi zatha. Tsiku lachitatu anabwera yekha n'kumuuza za imfa ya mng'ono wake, nkhani imene anali asanaitchulepo. Panopa akadali limodzi. Sindikunena kuti njirayi imatsimikiza ukwati. Chimene inachita n'choti pofika pa nkhani yolemera kwambiri, msuweni wanga sankaponya mwala mumdima. Anali ataona kale katatu mmene munthuyu amagwirira zinthu zosweka.

Zoyang'ana mukamuuza kanthu

Mukapereka gawo laling'ono, ntchito yanu ndi kuyang'ana. Choyamba, onani zimene akuchita nthawi yomweyo. Munthu wabwino kumuuza zambiri amamvetsera, amafunsa funso losonyeza kuti akuganizira inuyo, ndipo mukati "zina ndidzanena", amalola. Wofunika kusamala naye ndi amene amathamangira tsatanetsatane wokoma m'khutu: anali ndani, amakhala kuti, munagona kangati, tandionetsa chithunzi chake. Ameneyo akufuna filimu. Samalaninso ndi amene amati "ngati umandikonda undiuza zonse lero". Chikondi chimene chikufuna chinsinsi ngati chikole chidzachigwiritsanso ntchito ngati chikwapu.

Chachiwiri, onani ngati nayenso akutsegula. Sikuti mukanena bala iye anenenso bala tsiku lomwelo ngati kusinthana ndalama. Koma pakapita masabata inu mukungopereka, iye akudziwa mayina a abale anu onse ndi zonse zimene zinakulizani, pamene inu simukudziwa ngakhale kumene amakhala kwenikweni, imani kaye. Ubwenzi umenewo wapendekeka, ndipo mphamvu zonse zili kwa amene akudziwa zambiri.

Chachitatu, onani kumene nkhaniyo ikupita. Akuluakulu anati bwenzi lako ndi la wina. Mvetserani mmene amakambira za anthu ena. Ngati pa sabata yoyamba wakuuzani kale zinsinsi za wakale wake, matenda ake ndi zakuchipinda zomwe, dziwani kuti tsiku lina mudzakhala inu nkhani imeneyo. Ndipo musaganize kuti munthu adziwa yekha kuti izi n'zachinsinsi. Nenani momveka amene akudziwa ndi amene simukufuna kuti adziwe, ngati mmene anachitira msuweni wanga. Nkhani zambiri zimatuluka popanda nkhanza, munthu anangouza mnzake wapamtima pofuna malangizo chifukwa sanauzidwe malire.

Chachinayi, ndipo ichi ndiye chachikulu, dikirani mkangano woyamba. Aliyense ndi wabwino zinthu zikamakoma. Mudzamudziwa tsiku limene wapsa mtima ndipo ali ndi chida m'manja, chimene munamupatsa nokha. Akachisiya pansi, mukhoza kumuuza zambiri. Akachigwiritsa ntchito, ngakhale mwanthabwala pagulu la anzake, mwaphunzira pamtengo wotsika, chifukwa munangomupatsa kagawo kakang'ono.

Kusunga si kunama, koma pali nkhani zosadikira

Wina afunsa kuti, kodi kumeneku si kubisa? Kusiyana kwake kulipo. Kusunga ndi kunena kuti "pali nkhani, sindinakonzeke kuikamba". Kunama ndi kunena kuti "palibe chilichonse", kapena kupeka mbiri ina. Woyamba akadzaulula, mnzake amati zikomo pondikhulupirira. Wachiwiri akadzaulula, mnzake amayamba kukayikira zonse zimene anamvapo.

Komabe pang'onopang'ono ameneyu ali ndi malire. Muyeso wake ndi uwu: kodi nkhaniyi ikukhudza chisankho chimene mnzangayu watsala pang'ono kupanga? Ngati yankho ndi eya, nthawi yoinena ndi chisankhocho chisanapangidwe, kaya mwakonzeka kaya ayi. Ngati muli pabanja kapena muli ndi chibwenzi china, zimenezo n'zonena pachiyambi penipeni. Ngati muli ndi mwana, nenani m'masiku oyambirira, chifukwa mwana si bala loti n'kubisa, ndipo munthu ali ndi ufulu wosankha ngati akufuna kulowa m'moyo umene muli mwana. Ngati muli ndi HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana, si nkhani ya pa tsiku loyamba kucheza ayi, koma ikambidwe musanagonane. Ngati pakamwa pakulemera, alangizi a kuchipatala kumene amayeza magazi amathandiza anthu awiri kuyezetsa limodzi ndi kumva zotsatira pamodzi. Ngati muli ndi ngongole yaikulu imene ikadalipo, inenedwe musanaphatikize ndalama kapena kuyamba zachinkhoswe.

Mbali inayi, pali zinthu zimene simukakamizidwa kunena ngakhale mutakwatirana. Ngati munagwiriridwa kapena kuchitiridwa nkhanza muli mwana, mukhoza kuuza wokondedwa wanu kuti zinachitika ndi mmene zimakukhudzirani lero, mwachitsanzo kuti simufuna kugwidwa modzidzimutsa, popanda kufotokoza zonse zimene zinachitika tsikulo. Tsatanetsatane ndi wanu. Chimene mnzanu akufunika kudziwa ndi chimene chingamuthandize kukhala nanu bwino.

Chilonda ndi chipsera

Musananene nkhani yowawa, dzifunseni ngati ili chilonda kapena chipsera. Chipsera mumatha kuchionetsa, kufotokoza mmene chinabwerera, mwina misozi n'kulengeza, koma mukamaliza mumagona tulo. Chilonda chachiwisi mukangochikhudza mumanjenjemera, mumalephera kuima polankhula, ndipo masiku otsatira simudya kapena kugona bwino.

Ngati chikadali chilonda, munthu amene mwadziwana naye masabata atatu si woyenera kukhala woyamba kuchitsegula. Alibe luso, ndipo akalephera mudzamva ngati mwakanidwa kawiri. Yambani ndi munthu amene anayesedwa kale, kaya ndi azakhali, mchemwali, mnzanu wakalekale, kapena mlangizi. Ana ndi achinyamata akhoza kuimba 116, nambala yaulere ya Tithandizane imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO. Pa nkhani za nkhanza, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa za umoyo wa maganizo. Ndipo ngati nkhanzazo zikuchitika panopa, kapena mukuganiza zodzipha, zonse zimene ndanena za pang'onopang'ono sizikugwira ntchito. Uzani munthu lero lomwe.

Dzifunseninso chifukwa chimene mukufunira kunena. Pali kunena kuti mnzanu akudziweni. Palinso kunena pofuna kumuyesa ngati athawe, kapena kuti akumvereni chisoni asakusiyeni, kapena chifukwa choti ndi usiku, muli nokha ndipo mwamwako pang'ono. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kulemba mesejiyo osaitumiza, n'kuiwerenga m'mawa. Ngati kukacha mukufunabe kuti adziwe, pemphani kuti mukumane. Ngati kukacha mukuthokoza kuti sinapite, ndiye kuti imafuna kutuluka m'mtima mwanu basi, osati kufika kwa iyeyo.

Ngati mwanena kale zambiri

Mwina mukuwerenga izi voisi noti ija itapita kale, ndipo mnzanuyo wayamba kuyankha ndi mawu amodzi. Musatumize mameseji ena khumi ofotokozera, chifukwa kumeneko n'kuwonjezera katundu pa munthu amene walemedwa kale. Musapepesenso ngati kuti zimene zinakuchitikirani ndi mlandu wanu. Meseji imodzi yokha ikukwana: "Dzulo ndinakuuza zambiri nthawi imodzi. Sukuyenera kuchitapo kanthu kapena kuyankha msanga. Ndikungopempha kuti zikhale pakati pathu." Kenako bwererani ku nkhani wamba, za mpira, za geni, za nyimbo. Mukudzaza khungu lakunja lija limene munalidumpha.

Mupatseni masiku angapo. Kukhala chete kwa tsiku limodzi kapena awiri nthawi zambiri kumangotanthauza kuti munthu akugaya nkhani, ngati mmene anachitira mnyamata wa msuweni wanga. Akabwerera n'kumacheza nanu mwaulemu ngati kale, pitirizani, koma ulendo uno mwa masitepe. Akasowa osabweranso, zimawawa ndithu, koma sizikutanthauza kuti nkhani yanu ndi yonyansa. Inangofika pa munthu amene sanali wokonzeka, kapena amene sakanakonzeka n'komwe.

Ndipo tsiku lina mudzakhala inu womvetsera. Mnzanu akadzati "ndi nkhani yaitali, ndidzakuuza", musakakamize, musakafufuze kwa anzake, musakasake wakale wakeyo pa Facebook. Nenani kuti chabwino, muuzeni kanthu kanu kolingana ndi kamene wakupatsani, ndipo musunge kakang'onoko ngati kuti n'kakakulu. Iye akuyang'ana zimene muchite nako, ndipo n'zimene zidzamuuze ngati angakuuzeni zotsalazo.